Mapeva Sabira Okha, Imagonja ndi Nthaka ya Pansi

Mapeva ambiri a pakhomo amayamba kubira mvula yoyamba ikangogwa, makamaka m'mizere momwe mumaponda matayala. Kawirikawiri vuto limakhala pansi pake.

Dothi lakuda la pamwamba lichotsedwe lonse, chifukwa muli mizu imene ikawola imasiya mphako. Podutsa galimoto yaing'ono pamafunika miyala yophwanya yosakanikirana ndi fumbi lake, yochindikala masentimita 15, yothiridwa kawiri. Mukathira gawo loyamba, wazani madzi pang'ono n'kutsendera mpaka nsapato isasiye chidindo. Mchenga woyala pamwamba usapitirire masentimita 3. Ena amaunjika wambiri pofuna kubisa zigwembe, ndiye umathawa ukalemedwa.

Bwalo lipendekeke kuchokera kunyumba, masentimita 2 pa mita iliyonse, madzi azikagwera m'ngalande.

Ine ndimakonda mapeva chifukwa paipi ikaphulika pansi mumangozula ochepa n'kubwezera, pamene konkire yothira yonse muyenera kuiswa. Girevulo wotsendera ndi wotchipa, koma pamalo otsetsereka mvula ya mu Januwale imamukokolola. Mapevawo amafunanso kakhoma ka simenti m'mphepete, apo ayi amamwazikana ndipo mchenga wa m'mipata umatuluka.