Mabowo a HDMI amafanana, koma ntchito zake n'zosiyana

Banja likagula wailesi ya kanema yatsopano, ntchito yolumikiza zingwe kawirikawiri imagwiridwa mothamanga. Munthu amapisa dzanja kuseri kwa kanemayo n'kulowetsa chingwe pabowo lililonse lomwe chala chayamba kukhudza, ndipo zithunzi zikangooneka onse amati zatheka. Vuto limadzaonekera pambuyo pake. Sipika yaitali ija, yomwe ambiri amaitchula kuti saundiba, imangokhala duu osatulutsa mawu, kapena makina a magemu a PlayStation 5, omwe anadya ndalama zambiri, amaonetsa zithunzi zosasiyana kwenikweni ndi za makina akale. Ena amafika pobweza katundu kusitolo kapena kuitana mmisiri, chonsecho palibe chomwe chafa. Chingwe changolowa pabowo losayenera.

Mabowo onse a HDMI ali ndi kukula ndi maonekedwe ofanana, ndipo lililonse limalandira zithunzi ndi mawu. Kusiyana kwake kuli m'kati, ndipo opanga makanema amakusonyeza ndi timalemba tating'ono tomwe timakhala pambali pa bowo lililonse. Choncho ntchito yoyamba ndi kutenga tochi ya foni n'kuwerenga timalembato. Pamakanema ogulidwa akale, omwe nthawi zambiri amafika opanda kabuku kake, malembawa ndiwo mlangizi yekhayo amene munthu ali naye.

Woyamba kupatsidwa malo ndi saundiba, chifukwa ndi yokhayo yomwe ilibe mwayi wosankha. Mwachibadwa, bowo la HDMI la pakanema ndi khomo lolowera: dekoda imatumiza, kanema amalandira. Koma saundiba imafuna zosemphana ndi zimenezi, kuti mawu atuluke m'kanema kupita kwa iyo. Njira yobweza mawu chotere inabwera mu 2009 ndi mtundu wa HDMI 1.4, ndipo imadziwika ndi zilembo zakuti ARC. Pafupifupi kanema aliyense ali ndi bowo limodzi lokha lokhala ndi njirayi, ndipo nambala yake imasiyana: pamakanema ambiri a LG ndi bowo lachiwiri, pomwe pa ambiri a Sony ndi lachitatu. Palibe chifukwa choloweza manambalawa pamtima. Bowo lolembedwa kuti ARC kapena eARC ndilo la saundiba, basi.

Mbali inayo ya chingwe nayo imasokoneza anthu. Masaundiba ambiri ali ndi mabowo awiri, lina lolembedwa HDMI IN, lina HDMI OUT, nthawi zambiri ndi mawu oonjezera akuti TV ARC. Munthu woganiza bwino amati, popeza mawu akuchokera kukanema kulowa m'sipika, chingwe chilowe pa HDMI IN. Maganizowo ndi omveka, koma ndi olakwika. Chingwe chochokera kukanema chimalowa pa HDMI OUT, chifukwa mawu a ARC amayenda chobwerera pa chingwe chomwecho. Kulakwitsa kumeneku kokha n'kokwanira kuchititsa saundiba yatsopano kuoneka ngati yakufa.

Nanga kachilembo kakang'ono ka e kutsogolo kwa ARC kakutanthauzanji? Njira ya eARC, yomwe inabwera ndi HDMI 2.1 mu 2017, ndi yotakasuka kuposa yakale ija. ARC imakwanitsa kunyamula mawu a masipika awiri komanso mawu opanikizidwa a Dolby Digital, pomwe eARC imanyamulanso mawu osapanikizidwa komanso mawu apamwamba monga a Dolby TrueHD. Kwa munthu woonera mpira ndi nkhani padekoda, kusiyanaku sikumveka m'khutu. Ndipo saundiba ya ARC ikalumikizidwa pabowo la eARC imagwirabe ntchito, kungoti zipangizo ziwirizo zimagwirizana pa njira yakaleyo.

Wachiwiri kusankha ndi makina a magemu. Apa nkhani ndi kuchuluka kwa zithunzi zomwe bowo lingadutsitse pa sekondi. PlayStation 5 ndi Xbox Series X, omwe onse anatuluka mu Novembala 2020, amatha kutumiza zithunzi za 4K zokwana 120 pa sekondi m'magemu ena. Bowo la mtundu wa HDMI 2.0 limadutsitsa magigabiti 18 pa sekondi, omwe amakwanira zithunzi za 4K zokwana 60. Kuti zifike 120 pamafunika bowo la HDMI 2.1, lomwe limatha kufika magigabiti 48. Makanema ena odula ali ndi mabowo anayi onse amphamvu chotere, koma ambiri ali ndi awiri okha, ena limodzi. Malemba odalirika pofufuza ndi akuti 4K 120Hz, ndipo makanema ena a Samsung amaikapo kachithunzi ka chogwirira magemu. Nambala yakuti 2.1 payokha, makamaka yolembedwa pakatoni, siyenera kukhulupiriridwa kwambiri, chifukwa malamulo a HDMI amalola wopanga kuilemba ngakhale bowolo lilibe mphamvu zonse za mtunduwo.

Dekoda ndiyo imabwera pamapeto, osati chifukwa ndi yonyozeka, popeza m'nyumba zambiri ndiyo imayaka tsiku lonse, koma chifukwa siifuna zambiri. Dekoda wamba ya DStv ya HD imatumiza zithunzi zosapitirira 1080i, zomwe bowo lililonse la HDMI limazidutsitsa mosavuta. Kuiika pabowo la 4K 120Hz sikuwonjezera kalikonse pa kuwala kwa mpira wa Loweruka madzulo. Kumangolanda malo a chipangizo chomwe chikanapindula nawo.

Chitsanzo chabwino ndi kanema wa Sony Bravia X90J wa mu 2021, yemwe ali ndi mabowo anayi. HDMI 1 ndi HDMI 2 ndi mabowo wamba a 4K pa zithunzi 60. HDMI 3 ndi HDMI 4 ndiwo a 4K 120Hz, koma HDMI 3 yemweyo ndiyenso wa eARC. M'nyumba yokhala ndi saundiba, PlayStation 5 ndi dekoda, dongosolo loyenera ndi limodzi lokha: saundiba pa HDMI 3, PlayStation 5 pa HDMI 4, dekoda pa HDMI 1 kapena HDMI 2. Munthu amene wayamba ndi dekoda n'kuiika pa HDMI 1 sanalakwe. Koma akapitiriza motsatira manambala, kuika PlayStation 5 pa HDMI 2 ndi saundiba pa HDMI 3, mawu amveka bwinobwino, zithunzi zioneka, ndipo atha kukhala chaka chathunthu osadziwa kuti magemu ake akuyenda pa theka la liwiro lomwe kanema wake angakwanitse.

Zinthu zimavuta m'nyumbamo mukabwera makina achiwiri, tinene Xbox Series X. Mabowo amphamvu ndi awiri, ndipo limodzi latengedwa kale ndi saundiba. Apa palibe njira yopanda chotaya. Makina amodzi atha kupita pa HDMI 2 n'kukhutira ndi zithunzi 60 pa sekondi, zomwe kunena zoona n'zokwanira pa magemu ochuluka. Njira ina ndi kuwalowetsa pa HDMI IN ya saundiba kuti zithunzi zidutse mwa iyo popita kukanema, koma masaundiba ambiri amadutsitsa 4K ya zithunzi 60 zokha, motero phindu palibe pokhapokha kabuku kake katanena mosabisa kuti imadutsitsa 4K 120Hz. Njira yachitatu ndi kuchotsa saundiba pa HDMI n'kuilumikiza ndi chingwe cha kuwala, pabowo lolembedwa OPTICAL. Bowo la HDMI 3 limamasuka, koma mawu apamwamba a eARC amatayika, ndipo nthawi zambiri rimoti ya kanema imaleka kukweza ndi kutsitsa mawu a saundiba. Pa njira zitatuzi, yoyamba ndiyo yosavuta kukhala nayo tsiku ndi tsiku.

Ngakhale chingwe chitalowa pabowo loyenera, ntchito siinathe. Makanema ambiri amachoka kufakitale mabowo awo atatcheredwa pa mphamvu yochepa, kuti azigwirizana ndi zipangizo zakale, ndipo mwini wake ayenera kutsegula yekha mphamvu zonse. Pa Sony malo ake ndi HDMI signal format, pomwe amasankha Enhanced format. Pa Samsung ndi Input Signal Plus, ndipo pa LG ndi HDMI Ultra HD Deep Colour. Izi zimatcheredwa bowo lililonse palokha, choncho makina akasamutsidwa kuchoka pabowo lina kupita pa lina, m'pofunika kukaonanso. Umboni wakuti zatheka amapereka ndi makina a magemuwo. Pa PlayStation 5 munthu amalowa mu Settings, kenako Screen and Video, kenako Video Output, n'kutsegula Video Output Information, pomwe pamaoneka ngati kanema akulandira 120 Hz ndi HDR. Pa Xbox tsamba lofanana nalo ndi 4K TV details.

Saundiba nayo ili ndi chotsegula chake. ARC imadalira njira yomwe zipangizo zimalamulirana kudzera pa chingwe, yotchedwa CEC, ndipo kampani iliyonse inaipatsa dzina lake: Anynet+ pa Samsung, Simplink pa LG, Bravia Sync pa Sony. Njirayi ikakhala yozima, mawu amapitiriza kutulukira m'masipika a kanema ngakhale zingwe zonse zili m'malo mwake. Zimachitikanso kuti magetsi akathima n'kuyakanso, kanema ndi saundiba amaleka kuzindikirana. Mankhwala ake ndi kuzula zipangizo zonse ziwiri kusoketi, kudikira mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kuzilumikizanso. Kuzimitsa ndi rimoti kokha sikuthandiza, chifukwa chipangizocho chimakhala chikadali maso.

Pali chizindikiro chimodzi chomwe anthu amanamizira bowo pomwe wolakwa ndi chingwe. Ngati zithunzi zikuthima kwa sekondi imodzi kapena ziwiri n'kubweranso, kapena pakuoneka timadontho toyera tothwanima, makamaka gemu ikafika pa 120 Hz, ndiye kuti chingwe chikulephera katunduyo. Makina a magemu amafuna chingwe cha mtundu wa Ultra High Speed, ndipo PlayStation 5 ndi Xbox Series X amabwera nacho m'katoni momwemo. N'zomvetsa chisoni kuti m'nyumba zina chingwe chimenechi chimathera kudekoda, makina a magemu n'kupatsidwa chakale chomwe chinabwera ndi dekodayo. Kungozisinthanitsa kumathetsa vutolo popanda kuwononga tambala.

Kwa mabanja omwe kanema wawo ndi wa mainchesi 32 kapena 43, wa zithunzi za HD ndi mabowo awiri okha, nkhani ya 120 Hz siikuwakhudza konse, ndipo PlayStation 4 kapena Nintendo Switch yoyamba ija imagwira ntchito mofanana pabowo lililonse. Chofunika kwa iwo ndi kusungira saundiba bowo la ARC. Zikatere limatsala limodzi loti dekoda ndi makina a magemu azilimbirana. Kuzula ndi kulowetsa zingwe tsiku lililonse kumakhwefula bowo mpaka limaleka kugwira, ndipo kulikonza kumafuna kutsegula kanema yense. Ngati saundibayo ili ndi HDMI IN, dekoda itha kulowa pamenepo, makina a magemu n'kutenga bowo lotsalalo. Ngati ilibe, kabokosi kosinthira ka HDMI, kolandira zingwe ziwiri kapena zitatu n'kutulutsa chimodzi, kamaikidwa pabowo lotsalalo, osati pa la ARC, chifukwa timabokosi tambiri totere sitidutsitsa mawu obwerera kusaundiba.