Foni Ikakhala Chete Madzi Atasefukira Kumudzi

Ife amene ntchito yathu ndi kufunafuna anthu olekana ndi abale awo pa nthawi ya zoopsa, timadziwa kuti chigumula chikagwa ku Mulanje kapena ku Nsanje, misozi yoyamba imagwanso kuno ku Luwinga, kumene ana ambiri a kummwera anabwera kudzaphunzira pa Yunivesite ya Mzuzu, kudzatumikira pa chipatala chachikulu, ngakhalenso kudzagwira ntchito m'mafakitale, nasiya makolo awo pa mtunda wa makilomita oposa 600. Pakati pa mwezi wa Malichi m'chaka cha 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba za ku Chilobwe, nachitanso zomwezo m'midzi ya ku Chiradzulu, Phalombe ndi Mulanje, anthu amene anabwera kwa ine anali ndi mawu amodzi okha, akuti, foni sikulowa. Ndipo ambiri a iwo anali atayamba kale kulira maliro mumtima, ngakhale panalibe munthu anawauza za imfa.

Choyamba chimene wophunzira ntchito imeneyi amauzidwa n'chakuti foni yosalowa si mboni ya kanthu kalikonse. Kuti mawu anu achoke pano nakafike m'khutu la amayi anu, pamafunika kuti nsanja ya foni ya kwawoko ikhale ndi moto, kuti chingwe cholumikiza nsanjayo ndi zinzake chikhale chosaduka, ndiponso kuti foni ya m'manja mwawo ikhale youma ndi yamoto. Ndipo madzi osefukira amawononga zitatu zonsezi pa usiku umodzi. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, ndipo Shire akadzaza ndi zinyalala ndi mitengo yozulidwa, makina a ku Nkula ndi Tedzani amaimitsidwa, monga zinachitikira m'masiku a Freddy, pa nthawi imene a ku Kapichira anali asanabwerere pa ntchito chiwawonongereni namondwe wa Ana mu Januwale 2022. Magetsi akathima, nsanja imatsamira pa mabatire ake, amene amagwira maola owerengeka chabe, kenaka pa jenereta. Jenereta nayo imadya dizilo, ndipo galimoto yonyamula dizilo siwoloka pamene mlatho wakokoloka. Nanga foni ya amayiwo? Kumudzi ambiri amatchajitsa kumsika, kwa wometa tsitsi kapena pagolosale, ndipo kumenekonso kwathima. Mudzi wathunthu ungakhale chete masiku angapo anthu ake onse ali moyo, akuwamba chimanga chonyowa pa khonde la tchalitchi.

Chifukwa chake ndimawauza anthu kuti aleke kuimba kosalekeza, alembe uthenga. Kuimba kumafuna kuti njira yonse ikhale yotseguka pa kamphindi komweko, ndipo anthu zikwi akamaimbira nsanja imodzi yofooka, amatsekerezana okhaokha, natsekerezanso amene akuitana opulumutsa. Koma uthenga wolemba umasungidwa ndi kampani ya foni kwa kanthawi, nuyesedwanso mobwerezabwereza, kotero kuti foni ija ikangoyaka pamalo pamene pali netiweki, ngakhale kwa mphindi ziwiri, uthengawo umalowa. Pa WhatsApp, kachizindikiro kamodzi kamatanthauza kuti uthenga wachoka kwa inu koma sunafike. Tiwiri timatanthauza kuti foni ya uko yayaka ndipo yalandira. Uthengawo ukhale waufupi, wofunsa zinthu zitatu: muli kuti, muli ndi yani, wavulala ndani. Ndipo banja lisankhe munthu mmodzi wofunsa, pakuti batire lotsala pang'ono likamayankha ana asanu ndi zidzukulu khumi, aliyense ndi malonje ake, limatha lisananene kumene anthu athawira.

Ndifotokoze za bambo wina, mlonda wa pa fakitale ina kuno, amene mayi wake ndi mlongo wake anali m'dera la Mfumu Yaikulu Nkhulambe ku Phalombe, dera limene miyala ndi madzi zochokera m'phiri la Mulanje zinalidula kwa masiku ambiri, kufikira kuti thandizo linkafika pa ndege za helikopita. Anabwera atagulitsa wailesi yake kuti apeze ya basi. Ndinamupempha kuti akhale pansi, ndipo ndinati, "Bambo, mukafika pamene msewu waduka, mudzachita chiyani chimene sitingachite pano?" Iye anayankha kuti, "Achimwene, chibale ndi fupa, sichiola. Ndingakhale bwanji pano?" Mawuwo ndi oona, koma munthu wopita kumalo a chigumula wopanda chakudya, wopanda pogona, amangowonjezera pakamwa pamodzi pa msasa umene ufa wake ukuperewera kale, ndipo angapitirire amayi ake panjira osadziwa, popeza othawa madzi sakhala pamudzi pawo.

Tinayamba ndi pepala. Ndinamufunsa dzina la mudzi, la gulupu, la mfumu yaikulu; dzina la sukulu ndi tchalitchi zoyandikira, makamaka zimene zili pamtunda, chifukwa kumeneko n'kumene misasa imakhazikitsidwa; mpingo umene amayiwo amapemphera ndi udindo wawo mumpingomo; zaka zawo, chilema kapena chipsera chilichonse, matenda amene amamwera mankhwala; ndi tsiku limene analankhula nawo komaliza. Pa dzina tinakhalitsa. Iye anandipatsa dzina la ubatizo limene lili pa chiphaso cha unzika, koma nditafunsa kuti anthu a pamudzi amawaitana bwanji, anati amawaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba, amake a uje. Apa m'pamene kufufuza kwambiri kumatayikira. Kaundula wa pamsasa amalembedwa mofulumira, ndi bolopeni, m'kope la ana a sukulu, ndi munthu wa m'komiti ya mudzi yoona za ngozi, ndipo kawirikawiri amalemba dzina la mutu wa banja ndi chiwerengero cha anthu ake, amuna angati, akazi angati, ana osakwana zaka zisanu angati. Mayi wokalamba wothawa pamodzi ndi mkamwini wake sadzaoneka m'kaundula ndi dzina lake, adzakhala nambala pansi pa dzina la mkamwiniyo. Motero tinalembanso dzina la mlamu wake wa bamboyo, ndi la mnansi wa nyumba yoyandikana.

Pepala likatha, timakwera makwerero kuchokera pansi, osati kuchokera pamwamba. Anthu amafuna kuimbira nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, ku Lilongwe, poganiza kuti kumeneko kuli buku la maina onse. Koma chimene chimakwera kufika kulikulu m'masiku oyamba ndi ziwerengero, pamene maina amatsala pansi, kwa nyakwawa, kwa komiti ya pamsasa, ndi ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma. Amene amadziwa munthu ndi nkhope ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene yasanduka msasa, mlangizi wa zaumoyo amene amayenda khomo ndi khomo, mkulu wa mpingo, wakabaza wanjinga yamoto amene amafika kumene galimoto zalephera, ndi odzipereka a bungwe la Red Cross, limene lili ndi ntchito yakeyake yolumikizanitsa mabanja, yosalipiritsa. Anthu otere amakwera chitunda kukasaka netiweki, chifukwa udindo wawo umawakakamiza kutumiza malipoti. Bamboyo anakumbukira mnzake wa kusukulu amene amaphunzitsa chapafupi ndi kwawo. Tinamulembera uthenga umodzi wokhala ndi maina onse aja, ndipo tinadikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'kudikirako munabwera mayesero awiri amene ndimawaona chigumula chilichonse. Loyamba linali chithunzi cha mitembo m'matope chimene chinkazungulira m'magulu a pa foni, gulu lina likunena kuti n'cha ku Phalombe, lina kuti n'cha ku Chilobwe, chithunzi chimodzimodzicho. Amithenga a Yobu ankabwera mnzawo asanamalize kulankhula, koma iwo anali ataona ndi maso. A masiku ano amangotumiza chimene alandira. Wonena kuti mudzi wonse watha mumufunse kuti iye anali kuti, wamva kwa yani, ndipo ndi dzina la munthu uti amene waona mtembo wake. Wongomva samatha kuyankha funso lachitatu. Lachiwiri linali nambala yachilendo yonena kuti amayi ali kuchipatala, tumizani ndalama msanga. Nambala yachilendo payokha si chizindikiro cha bodza, pakuti othawa madzi amabwerekadi mafoni a anzawo. Koma pemphani kuti mumve mawu a m'bale wanuyo, kapena funsani chinthu chimene wapabanja yekha angadziwe, ndipo musanatsimikize kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, werengani dzina limene laoneka pa foni. Ganiziraninso kuti ndalama ya pa foni ilibe ntchito kumene wothandiza kutapa ndalama alibe netiweki kapena ndalama zogwirika.

Uthenga wa mphunzitsi uja unafika usiku. Amayiwo anali moyo pa msasa wa pa sukulu ina, olembedwa pansi pa dzina la mkamwini monga tinaganizira. Nyumba inapita, mbuzi zinapita, ndi mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi anapita. Chomalizachi ndicho tinachigwirira ntchito mmawa wake, pouza mlangizi wa zaumoyo wa pamsasapo, chifukwa wokalamba wopulumuka madzi angafe ndi matenda ake akale sabata yotsatira. Ndalama ya wailesi ija inakagula ufa ndi bulangete msewu utatseguka.

Si kufufuza konse kumene kumatha chotero, ndipo sindidzabisa. Freddy anachotsa m'nyumba zawo anthu oposa 500,000. Akufa otsimikizika anaposa 600, ndipo oposa 500 analembedwa kuti asowa, ambiri a iwo osapezekanso. Munthu akapanda kuoneka m'kaundula wa misasa yoyandikira, timapita ku kaundula wachiwiri, wa zipatala, pokumbukira kuti wovulala kwambiri amatumizidwa kutali, ku chipatala cha boma kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, nthawi zina ali chikomokere, wopanda dzina. Apa m'pamene chilema kapena chipsera chija chimathandiza. Kaundula wachitatu ndi wa apolisi ndi nyumba yachisoni, ndipo kumeneko timapempha kuti apite munthu wamkulu wa pabanja, malume kapena nkhoswe, osati mwana yekha. Ife ofufuza sitilengeza imfa chifukwa cha mphekesera, ngakhale chifukwa chakuti masabata apita. Timalemba kuti sanapezeke, ndipo pepala lake limakhala lotseguka. Imfa ikatsimikizika, sitiitumiza pa uthenga wa foni kwa munthu amene ali yekha pa ntchito ya usiku. Timafuna mkulu wa mpingo wake kapena mnansi wokhwima kuno ku Luwinga, kuti apite kunyumba, amukhazike pansi, ndi kumuuza monga mwa mwambo.