Mapepala a odita: kulemba kuti mnzako athe kuibwereza ntchito

Chaka cha ndalama chikatha, kampani kapena bungwe limaitana odita kuti adzafufuze mabuku ake. Eni ake amalandira lipoti la masamba ochepa lonena ngati mabukuwo akupereka chithunzi choona. Chimene saona ndi fayilo imene imatsala kwa odita, momwe muli mapepala osonyeza zimene iye anachita kuti afike pa ganizo lakelo. Lipoti likadzatsutsidwa, kukhoti kapena pamaso pa bungwe loyang'anira maodita, fayilo imeneyi ndiyo imayankha.

Muyezo wa ISA 230, umene maodita a m'maiko ambiri kuphatikizapo Malawi amatsatira, umati mapepalawa akhale okwanira kuti odita wina wodziwa ntchito, amene sanakhudzidwepo ndi kafukufukuyo, amvetse zimene zinachitika, nthawi yake, kukula kwake, zimene zinapezeka ndi chifukwa chimene anagamulira motero. Umanenanso kuti kufotokoza kwa pakamwa pakokha si umboni wokwanira. Pantchito, funso limene wamkulu amafunsa akamawerenga pepala la wophunzira ndi lakuti: mlendo atatenga pepala ili, angapite kukatulutsa zikalata zomwezo n'kupeza yankho lomwelo, popanda kukuimbira foni?

Tiyerekeze ndi kampani yogulitsa zipangizo za ulimi. Odita wachinyamata wapatsidwa ntchito yoona ngati ndalama zimene kampani inalipira zinali za katundu amene anafikadi. Patapita masiku akubweretsa pepala lolembedwa kuti: "Ndaona mavocha 25, onse ali bwino." Mwina ntchitoyo waigwiradi mosamala. Koma pepalalo silingathandize munthu. Mavocha ake ati? Anawatola pakati pa angati? Anasankha ndi iyeyo, kapena akauntanti wa kampaniyo ndiye anamutulutsira m'kabati amene anali pafupi? Nanga kukhala bwinoko, anayerekeza chiyani ndi chiyani?

Pepala loyenera limayamba ndi dzina la kampani, tsiku limene chaka cha ndalama chinathera, ndi cholinga m'chiganizo chimodzi. Kenaka limafotokoza mulu umene mavocha anachokeramo. Pano ndi pamene ambiri amathamangapo, chonsecho ndi pamene pagona nkhani. Odita alembe kuti mndandanda wa malipiro unatulutsidwa m'kompyuta ya kampani pa tsiku lakuti, anamupatsa ndi wa udindo wakuti, uli ndi mavocha 1,250, ndipo ndalama zake zonse zikawonkhetsedwa zikufanana ndi zimene zili mu leja. Kufananitsa kumeneku akakulumpha, akhoza kufufuza mwaluso mndandanda umene wina wachotsamo kale mavocha okayikitsa. Tsiku nalo n'lofunika chifukwa mabuku a m'kompyuta amasintha. Mndandanda wotulutsidwa lero ungasiyane ndi wa mwezi wamawa ngati akauntanti wakonza zina, n'chifukwa chake kope la umene unagwiritsidwa ntchito limasungidwa m'fayilo.

Chotsatira ndi kasankhidwe. Pa mavocha 1,250, wofuna 25 amatenga imodzi pa 50 iliyonse. Alembe kuti anayambira pa nambala 17, ndi mmene anaipezera nambala yoyambirayo. Ndi mfundo zochepa zimenezi, mlendo akhoza kudzipangira yekha mndandanda wonse: 17, 67, 117, mpaka 1,217. Akanakhala kuti anatenga malipiro onse opitirira ndalama zakuti, kulemba malirewo ndi mulu wake kukanakwanira. Alembenso chifukwa chimene anaonera kuti 25 ndi okwana, pakuti chiwerengerochi chimadalira mmene iye akukhulupirira kayendetsedwe ka ndalama pakampanipo.

Ndiye pamabwera tebulo, vocha iliyonse mzere wake: nambala, tsiku, wolipidwa, ndalama, nambala ya invoisi, nambala ya chikalata cholandirira katundu, ndi tsiku limene ndalamazo zinaonekera pa sitetimenti ya banki. Maodita amakonda tizizindikiro ta inki tosonyeza kuti chakuti chaonedwa. Palibe vuto, bola pansi pa tsamba pakhale tanthauzo la kalikonse: aka kakuti ndalama za pa invoisi zikufanana ndi za pa vocha, ako kakuti wosaina ali pa mndandanda wa ololedwa kuvomereza malipiro. Ndi bwinonso kunena ngati anaona chikalata chenicheni kapena fotokope, ndiponso ngati sitetimenti inachokera kubanki mwachindunji kapena inadzera m'manja mwa kampani. Umboni wochokera kunja umalemera kuposa wodzera mwa amene akufufuzidwa.

Tsopano tinene kuti pa vocha 367 pali chosagwirizana. Invoisi ikuti matumba 200 a feteleza pa K90,000 lililonse, pamodzi K18,000,000, ndipo zonse zinalipidwa. Koma chikalata cha kunyumba yosungira katundu chikusonyeza matumba 180. Matumba 20, a K1,800,000, sakuoneka. Odita wafunsa woyang'anira katundu, amene wayankha kuti otsalawo anabwera ndi lole ina sabata yotsatira.

Kulemba kuti "nkhaniyi yafotokozedwa" ndi kumene kumagwetsa mafayilo ambiri. Chofunika n'kulemba amene anafunsidwa, tsiku, zimene anayankha, ndiponso chimene odita anachita kuti atsimikize yankholo: nambala ndi tsiku la chikalata chachiwiri chosonyeza matumba 20, ndi tsamba la buku la katundu pamene analowetsedwa. Ngati chikalatacho sichinapezeke, alembe momwemo, anene ngati anawonjezera mavocha ena a wogulitsa yemweyo, ndipo K1,800,000 ija aiike pa mndandanda wa zolakwika zopezeka. Chimene sayenera kuchita, ngakhale chimakopa ntchito ikachuluka, ndi kuchotsa vocha yovutayo mwakachetechete n'kuikapo ina yosavuta. Ubwino wina wolemba kasankhidwe uli pomwepa: wowerenga akaona 368 pamene panayenera kukhala 367, adziwa kuti china chachitika.

Ine ndimaona kuti fayilo yonenepa si ndiyo yabwino. Ena amajambula invoisi iliyonse n'kudzaza mabokosi, koma osalemba chiganizo chimodzi chonena zimene anapeza. Invoisi wamba imakwanira ndi nambala yake, popeza imapezeka kukampani. Kope limafunika pa mapangano akuluakulu ndi pa zikalata zimene pali mkangano. Malo ambiri aperekedwe ku zigamulo: chifukwa chimene odita anaonera kuti cholakwika ndi cha apo pokha kapena chafala, ndi umboni wotsutsa ganizo lake ngati unalipo, pamodzi ndi mmene anauyankhira. Pansi pa pepala pamakhala dzina la wogwira ntchitoyo ndi tsiku lomaliza, komanso la woiwunika, tsiku lake ndi zimene anaziwunika.

Lipoti likasainidwa, fayilo imasonkhanitsidwa ndi kutsekedwa, nthawi zambiri pasanathe masiku 60, ndipo imasungidwa zaka zosachepera zisanu kuchokera pa tsiku la lipoti. Ku Amereka, maodita a makampani a pamsika wa masheya amasunga zaka zisanu ndi ziwiri, lamulo limene linabwera mu 2002 antchito a Arthur Andersen atawononga zikalata zokhudza kampani ya Enron. Fayilo ikatsekedwa, palibe chofufutidwa mpaka nthawi yosungayo itatha. Ngati chikalata cha matumba 20 chija chatulukira mochedwa, chikhoza kuwonjezedwa, koma odita alembe chifukwa chake, tsiku lenileni limene wachiika, dzina lake ndi la amene waunika kusinthako.