Pansi pa phula pali masamu

Msewu watsopano ukayamba kukumbika chaka chachiwiri, ambiri timathamangira kunena kuti phula anathira lochepa. Koma phula ndi chikopa chabe. Chimene chimasenza katundu ndi miyala ndi dothi losankhidwa zimene anayala pansi pake, ndipo injiniya amayenera kufotokoza mu lipoti lake chifukwa chimene gawo lililonse lachindikalira motero. Yankho limachokera pa zinthu ziwiri: katundu wodzadutsapo ndi mphamvu ya nthaka.

Powerenga katundu, galimoto zing'onozing'ono siziwerengedwa n'komwe. Mainjiniya amayang'ana ekiselo ya lole, ndipo muyeso wawo ndi ekiselo ya makilogalamu 8,160. Kafukufuku amene anachitika ku Illinois, m'dziko la America, kuyambira 1958 mpaka 1960 anaonetsa kuti kulemera kwa ekiselo kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. N'chifukwa chake lipoti limene langowerenga malole osawapima pasikelo silindikhutiritsa.

Tiyerekeze kuti tsiku lililonse malole 200 akulowera mbali imodzi, ndipo lole iliyonse ikuwononga ngati maekiselo atatu a muyeso uja. Pa chaka akukwana 219,000. Ngati malole aziwonjezereka ndi 4 pa 100 alionse chaka ndi chaka, pa zaka 15 afika pafupifupi 4.4 miliyoni. M'buku la Overseas Road Note 31, katundu wotere ali m'gulu la T5, la pakati pa 3 ndi 6 miliyoni.

Nthaka nayo imapimidwa. Amatenga dothi, kulitsendera m'chitini, kuliviika m'madzi masiku anayi, kenako n'kulibaya ndi chitsulo kuti aone kulimba kwake, kumene amakutcha CBR. Kuviikako n'kofunika, pakuti dothi louma la mu Okutobala limanamiza. Msewu umagonja nthawi ya dzinja. Dothi la CBR 6 lili m'gulu la S3, ndipo pa T5 tchati cha m'bukulo chimafuna mamilimita 200 a miyala yolimba pamwamba ndi 325 pansi pake. Msewu womwewo ukatsikira m'dambo, pamene CBR ndi 3, magawo amakhala atatu, ndipo onse pamodzi amakwana mamilimita 675 m'malo mwa 525.

Apa ndi pamene malipoti ena amalakwitsa: amaphatikiza zotsatira za kumtunda ndi za kudambo n'kutenga nambala yapakatikati. Papepala mtengo umatsika, koma dothi la makande limakhala lofooka chimodzimodzi. Pakangotha mvula ziwiri, modutsa matayala mumalowa pansi, madzi amadikha momwemo, phula n'kuyamba kung'ambika timing'alu tolukanalukana. Lipoti labwino limadula msewu m'zigawo molingana ndi nthaka, ndipo pachigawo chilichonse limasankha CBR yapafupi ndi yotsikitsitsa.

Inu makhansala ndi a m'makomiti a chitukuko, mapulani a msewu akabwera kwanu, funsani kuti malole anawapima liti, ndiponso kuti dothi la kudambo analiyesa palokha kapena ayi.