Yambani Mwajambula Mabokosi, Mawu Abwere Pambuyo

Tiyerekeze kuti mlangizi wa zaumoyo wakutumizirani chithunzi pafoni. Wajambula tebulo lomwe lamatidwa pakhoma la chipatala, losonyeza kamwedwe ka LA, mankhwala a malungo aja, ndipo akufuna mulitembenuze m'Chichewa kuti anthu odzipereka a m'mudzi azitha kuliwerenga. Mawu ake ndi ochepa moti mwana wa Folomu 1 angawamasulire. Chovuta chili pa malo amene mawuwo akhala.

Nambala 2 yomwe ili m'kabokosi sinena kanthu payokha. Imapeza tanthauzo mukayang'ana kumanzere kwake ndi pamwamba pake: mapiritsi awiri, kwa mwana wolemera mwakuti, pa tsiku lakuti. Ikangosuntha bokosi limodzi, yanena zina, ngakhale Chichewa chanu chitakhala chokoma ngati uchi.

N'chifukwa chake ine ndimayamba ndi rula, osati dikishonale. Tebulo la LA lili ndi mizere inayi yopingasa, malinga ndi kulemera kwa wodwala: kuyambira makilogalamu 5 koma osafika 15, piritsi limodzi pa nthawi, 15 osafika 25, awiri, 25 osafika 35, atatu, 35 kupita m'tsogolo, anayi. Mankhwalawa amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, choncho pamatebulo ambiri mupeza madanga otsika asanu ndi limodzi a kamwedwe, kuphatikizapo limodzi la kulemera. Mizere 4 kuchulukitsa ndi madanga 7, mabokosi 28, osawerengera mitu. Ndimajambula mabokosi onsewo ali opanda kanthu, kenaka ndikuyamba kudzaza limodzilimodzi. Pomaliza likatsala lopanda kanthu pamene pachithunzi pali nambala, ndiye kuti penapake ndadumpha.

Mitu ndiyo imapusitsa kwambiri. Pamwamba pamakhala mutu umodzi wa tsiku loyamba, koma utaphimba madanga awiri, ndipo pansi pake pali timitu tiwiri. Mapulogalamu a pafoni owerenga zilembo pachithunzi kawirikawiri amatola mawu mzere ndi mzere ngati akuwerenga kalata, n'kukupatsani mitu itatu ya masiku, timitu tisanu ndi kamodzi, kenaka mulu wa manambala opanda mwini. Munthu wothamanga amachitanso chimodzimodzi. Ndiye pali kamsampha kena: pa tsiku loyamba, ulendo wachiwiri womwa umabwera patatha maola 8, pomwe masiku awiri otsatirawo ndi m'mawa ndi madzulo. Dzanja likazolowera, limangolemba "m'mawa, madzulo" katatu, lamulo la maola 8 lija n'kusowa popanda wozindikira.

Chithunzi nacho chili ndi zake. Wojambula akaima chammbali, mizere imapendekeka, ndipo diso loyenda kuchokera kumanzere limakafika kumanja litatsetserekera mumzere wapansi. Mwana wa makilogalamu 12 wapatsidwa mapiritsi awiri pamenepo. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: mkati mwa mzere umodzi wa tebulo limeneli manambala onse amafanana, ndipo mukawaphatikiza mupeze 6, 12, 18 ndi 24. Mzere woyamba ukatulutsa 8, bwererani. Kuwala kwa foni kukagwera papulasitiki yokutira pepala kumathanso kufufuta kachizindikiro kooneka ngati mlomo wa mbalame kamene kamatanthauza "osafika". Kakasowa, nambala 15 imapezeka m'mizere iwiri, ndipo wowerenga sadziwa kuti mwana wa makilogalamu 15 enieni ndi wa uti. Pamene sipakuoneka bwino musalote. Pemphani chithunzi china, chojambulidwa molunjika, ngodya zonse zinayi za pepala zikuoneka.

Chichewa chimadya malo, tisakane. Kachidule ka zilembo ziwiri kamasanduka "makilogalamu", ndipo mutu waufupi umatalika mpaka kufuna kulowerera kwa mnzake. Kulitsani bokosi kapena pindani mawu m'mizere iwiri mkati mwa bokosi lomwelo. Kusinthanitsa madanga kuti aoneke bwino ayi, chifukwa namwino adzafuna kuika mapepala awiriwo pamodzi n'kuloza ndi chala.

Pa fomu yodzaza, vuto limasintha nkhope pang'ono. Mafomu ena amalemba dzina la danga pamwamba pa mzere wolembapo, ena pansi pake. Yang'anani danga loyambirira ndi lomalizira kuti mudziwe mtundu wake, apo ayi dzina la mudzi lidzagwera pamalo a mfumu yaikulu. Manambala a mafunso asiyeni momwe alili, danga lomwe mwini wake sanadzaze mulisiye losadzaza, ndipo chidindo kapena siginecha mungolemba kuti zilipo, pamalo pomwe zili.

Mukamaliza, pezani mnzanu agwire chithunzi, inu mugwire pepala lanu. Iye azifunsa mosatsata dongosolo: "Makilogalamu 27, tsiku lachiwiri madzulo?" Inu muyankhe kuchokera pa Chichewa chokha: atatu. Tebulo la mankhwala ngati ili lisapachikidwe pakhoma namwino kapena dokotala asanalione.