Kadenga ka pa ŵ kasatayike pokopera mabuku akale

Tsegulani Buku Loyera kapena mabuku ambiri a Chitumbuka, mupeza chilembo cha w chitavala kadenga pamutu: Malaŵi, aŵiri, ŵanthu. Ambirife masiku ano sitikalembanso kadengako, ndipo nyuzipepala zathu zinakasiya. Koma munthu amene akusamutsira buku lakale mu kompyuta alibe ufulu wokachotsa. Ntchito yake ndi kusunga zimene mlembi analemba.

Tsamba likajambulidwa pa sikana, kompyuta imangoona chithunzi. Pulogalamu yotchedwa OCR ndiyo imayang'ana chithunzicho ndi kulota kuti kadontho aka ndi chilembo chakuti. Apa ndiye pagona nkhani: pulogalamuyi imatulutsa zilembo zokhazo zimene inaphunzitsidwa. Mukaisiya pa Chingerezi, ikakumana ndi ŵ imasankha chilembo chofananako, kawirikawiri w wamba, osakuchenjezani n'komwe. Tsambalo limaoneka laudongo pamene tizizindikiro tonse tapita.

Ena amati palibe kanthu, tanthauzo limamvekabe. Si nthawi zonse. Abale athu a ku Tete amene amawerenga Chipwitikizi amadziwa kuti avô ndi agogo aamuna pamene avó ndi agogo aakazi. Kwathu kuno kamkodolero ka pa ng' kakagwa, ng'oma yovinira imasanduka ngoma, nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana.

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa buku la nyimbo za kutchalitchi lamasamba ofiirira. Yambani ndi sikana. Ikani pa 300 dpi, ndipo ngati zilembo ndi zazing'ono kwezani mpaka 400 kapena 600, chifukwa kadengako ndi kakang'ono kwambiri kuposa chilembo chimene kakhalapo. Sankhani Grayscale, osati Black and White, pakuti inki yofwifwa imatha kuyereratu chithunzi chikakhala cha zakuda ndi zoyera zokha. Zimitsaninso Despeckle. Ntchito yake ndi kupukuta timadontho ta fumbi, koma satha kusiyanitsa fumbi ndi kamkodolero.

Kenako pulogalamuyo iuzidwe chiyankhulo. Tesseract, pulogalamu yaulere imene ambiri amagwiritsa ntchito, imawerenga ziyankhulo zoposa 100, kuphatikizapo Chiswahili ndi Chiyoruba, koma Chichewa mulibe pa mndandanda wake. Mwayi wake ndi wakuti anthu a ku Wales nawonso amalemba ŵ, monga m'mawu akuti dŵr, kutanthauza madzi. Choncho mutha kuphatikiza chiyankhulo chawo ndi Chingerezi motere:

```
tesseract tsamba1.png tsamba1 -l cym+eng
```

Njirayi imangopatsa makinawo mwayi wotulutsa ŵ, siwaphunzitsa Chichewa. Nthawi zina amakokera mawu athu ku chiyankhulo cha eniakewo, n'kuika kadenga pa a kapena y pomwe panalibe. N'chifukwa chake ndi bwino kuyesa tsamba limodzi musanajambule buku lonse. Werengani ndi maso ma ŵ onse a patsamba la pepala, kenako fufuzani chilembocho mu fayilo. Ngati papepala alipo 12 koma mu fayilo mwapezeka 7, asanu atayika, ndipo masamba enawo adzatayanso chimodzimodzi.

Maonekedwe a cholakwika amaulula pomwe chachokera. Mukaona Malawi m'malo mwa Malaŵi, makina ndiwo sanawerenge bwino. Mukaona MalaÅµi, makina anawerenga bwinobwino, koma fayilo yosungidwa mu UTF-8 yatsegulidwa ngati ya Windows-1252. Mu UTF-8 chilembo cha ŵ chimasungidwa m'tizigawo tiwiri, ndiye njira yakaleyo imaonetsa kagawo kalikonse ngati chilembo pachokha. Musakonze ndi manja: tsekani osasunga, mutsegulenso posankha UTF-8. Choopsa ndi Mala?i. Apa fayilo inasungidwa m'njira yosadziwa ŵ, chilembocho chafufutikiratu, ndipo kuchipeza kwake n'kubwerera ku chithunzi. Kabokosi kopanda kanthu nthawi zambiri kamangosonyeza kuti mtundu wa zilembo umene mwasankha ulibe ŵ. Sinthani mtunduwo ndipo aonekera.

Pokonza, pewani kulamula kompyuta kuti isinthe w aliyense kukhala ŵ. Mawu ngati mwana ndi bwino alibe kadenga, ndipo mungaononge buku lonse kamodzin'kamodzi. Sinthani liwu limodzilimodzi, buku lenileni lili pambali panu. Mu Word, lembani 0175 payekha, mudine Alt ndi X pamodzi, ŵ atuluka. Wamkulu wake ndi 0174.

Inu amene muli ndi mabuku a mipingo, a sukulu kapena a makolo anu, sungani zithunzi za masamba pamodzi ndi fayilo ya mawu, ndipo musataye buku la pepala mpaka munthu wodziwa chiyankhulocho atafananiza tsamba ndi tsamba.