Pepala limene wodwala amatuluka nalo m'chipatala atayesa kudzipha

Tsiku lotuluka m'chipatala limaoneka ngati mapeto a vuto. Gadiyani wamanga kale katundu, namwino walemba m'buku la kuchipatala, abale akuthokoza Mulungu kuti munthu wawo wapulumuka. Koma kwa munthu amene anagonekedwa chifukwa choyesa kudzipha, masabata otsatira ndi amene ali oopsa kwambiri. Mu 2017 akatswiri anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'mayiko ambiri, ndipo anapeza kuti m'miyezi itatu yoyamba anthu atatuluka m'zipatala za matenda a maganizo, chiwerengero cha odzipha chimaposa cha anthu wamba pafupifupi maulendo 100. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: munthuyo akubwerera kunyumba komwe kuja, ngongole ija ikadalipo, mkangano uja sunathe, ndipo tsopano pawonjezeka manyazi oti mudzi wonse wamva.

Kale madokotala ambiri ankamusainitsa wodwala lonjezo loti sadzayesanso. Njirayi inapezeka kuti ilibe umboni woti imateteza munthu. Lonjezo limangonena chimene munthu sayenera kuchita, koma silimuuza choti achite maganizo aja akamufikira pakati pa usiku, onse ali m'tulo. Akatswiri awiri a zamaganizo a ku America, Barbara Stanley wa ku yunivesite ya Columbia ndi Gregory Brown wa ku yunivesite ya Pennsylvania, anakonza njira ina imene anayamba kuigwiritsa ntchito m'zipatala za asilikali opuma cha m'ma 2008. Ndi pepala limodzi lokha, la magawo 6, lolembedwa ndi wodwala pamodzi ndi wachipatala pa mphindi 20 mpaka 45 wodwalayo asanatuluke.

Maziko ake ndi akuti maganizo ofuna kudzipha amakwera n'kutsika, ngati mtsinje wodzaza ndi mvula yakumtunda. Ofufuza a ku Austria atafunsa anthu opulumuka, pafupifupi theka ananena kuti kuchokera pamene ganizo linawafikira mpaka pamene anachita chinthucho panadutsa mphindi zosaposa 10. Pa nthawi ngati imeneyo mutu sugwira, ndipo munthu sangakhale pansi n'kuyamba kulingalira bwino. Pepalali limamuganiziriratu mtima wake ukadali m'malo, kuti nthawi yovutayo ikafika azingotsatira zimene analemba yekha.

Tiyerekeze ndi bambo wa zaka za m'ma 30, mlimi wa tomato wa kudimba, amene anatenga katapila, mbewu n'kuwonongeka. Wakhala mu wodi masiku angapo ndipo lero akutuluka. Namwino wodziwa ntchito sayamba n'kumupatsa cholembera. Amayamba wamupempha kuti afotokoze tsiku lija mwatsatanetsatane: anadzuka bwanji, anakumana ndi ndani, anamva chiyani m'thupi, ndi mawu ati amene ankazungulira m'mutu. Mu nkhani imeneyi ndi mmene mumachokera gawo loyamba, la zizindikiro zochenjeza.

Apa ndi pamene mapepala ambiri amawonongekera. Wachipatala amene ali pa changu amalemba kuti “kukhumudwa” kapena “nkhawa” n'kupitirira. Mawu amenewa sathandiza, chifukwa bamboyu wakhala ali ndi nkhawa miyezi yambiri. Adzadziwa bwanji kuti lero ndi tsiku lotulutsa pepala? Chofunika ndi zinthu zimene iye angazizindikire zikangoyamba, zolembedwa mmene amayankhulira mwiniwake. Bamboyu angalembe kuti: wakatapila akaimba foni ine n'kuizimitsa, ndikagona masiku awiri osapeza tulo, ndikayamba kuganiza kuti ana anga angakhale bwino ine kulibe, ndikamwa kachasu ndekha. Zitatu kapena zinayi zoterezi n'zokwanira. Chimodzi chikaoneka, asadikire kuti zifike poipa, atenge pepala.

Gawo lachiwiri ndi la zimene angachite yekha kuti maganizo apite kwina kwa kanthawi, asanauze munthu. Sizifuna kukhala zazikulu: kumvera mpira kapena nyimbo za kwaya pa wailesi, kukonza njinga, kusamba madzi ozizira. Pa chilichonse namwino amafunsa kuti, “Kodi zimenezi mungazichitedi mtima utakupwetekani? N'chiyani chingakulepheretseni?” Bamboyu atanena kuti azipita kudimba kukathirira, namwino ayenera kuima kaye. Kudimba amakhalako yekha, n'kumene kumamukumbutsa za ngongole, ndipo n'kumene amasunga mankhwala opopera mbewu. Mzere umenewo ufufutidwe. Mowa nawo sulembedwa, ngakhale wodwala atanena kuti umamuiwalitsa mavuto, chifukwa umachotsa mantha amene akanamubweza.

Magawo awiri otsatira anthu amakonda kuwasokoneza, chonsecho kusiyana kwake n'kofunika. Lachitatu ndi la anthu ndi malo ongomuchotsa pa yekha, popanda kuulula kanthu. Bamboyu angapite pamsika pomwe anzake amasewera bawo, kapena kwa mnzake wokonza mawailesi, kapena kukakhala kumbuyo m'tchalitchi kwaya ikuphunzira nyimbo. Sakufunika kunena kuti wavutika. Amuna ambiri sangayerekeze kuuza mnzawo kuti akuganiza zodzipha, koma kukhala pa benchi n'kumaonerera bawo angathe, ndipo nthawi zina zimenezo zokha zimakwanira kuti ganizo lizizire.

Lachinayi ndi la anthu amene angawauze zoona zake, kuti “zandiyambanso, bwerani.” Pano pamalembedwa mayina ndi manambala a foni, ndipo pamafunika kusamala kwambiri. Mwachizolowezi munthu amatchula mkazi wake kapena amalume ake, poti ndiwo oyenera mwamwambo. Koma ngati mkangano ndi mkaziyo ndi umene unayatsa moto, kapena ngati amalumewo ndi aja ananena kuchipatala kuti wachititsa manyazi mtundu, mayina awo adzangokhala papepala osaimbiridwa. Namwino amafunsa kuti ndani anamumverapo popanda kumudzudzula. Mwina ndi mchemwali wake, mwina ndi mkulu wa mpingo. Munthu wosankhidwayo auzidwe wodwala asanatuluke, wodwalayo atavomera, ndipo adziwe chochita: kubwera msanga, kukhala naye osamusiya yekha, kumumvera osamulalikira, ndi kupita naye kuchipatala ngati sizikusintha. Afunsidwenso za zinthu zooneka zazing'ono. Kodi foni ya bamboyu imakhala ndi mayunitsi? Ngati ilibe moto usiku, ndi khomo liti limene angagogode?

Gawo lachisanu ndi la achipatala: dzina la amene akumuona, tsiku lobwereranso, ndi chipatala chapafupi chimene chimalandira odwala usiku. Ku America amalembapo 988, nambala yothandiza anthu amene ali pa vuto lotere. Kuno ku Malawi thandizo la akatswiri limapezeka ku chipatala cha anthu odwala maganizo cha Zomba, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso ku Queen Elizabeth ku Blantyre, koma kwa mlimi wa kumudzi malo enieni olemba ndi chipatala chaching'ono cha m'dera lake, cha paboma, ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwake. Nambala iliyonse iyesedwe pomwepo kuti aone ngati ikugwira, ndipo alembenso wakabaza amene angamudzutse usiku.

Gawo lomaliza ndi limene lili ndi umboni wamphamvu kuposa onse, ngakhale ndi limene anthu amachita nalo manyazi kulikamba: kuchotsa pafupi zinthu zimene munthu angadzivulaze nazo. Ku America nkhani yaikulu pa gawoli ndi mfuti. M'madera a ulimi ndi mankhwala ophera tizilombo. Dziko la Sri Lanka litaletsa mitundu yoopsa kwambiri ya mankhwalawa, chiwerengero cha odzipha chinatsika kwambiri, moti ofufuza amawerengera kuti miyoyo pafupifupi 93,000 inapulumuka pakati pa 1995 ndi 2015. Anthu ambiri amaganiza kuti munthu ukamulanda njira imodzi amangopeza ina. Zimene zinachitika kumeneko zikusonyeza kuti ambiri satero. Nthawi yoopsa ija imadutsa ali moyo. Ndipo mwa anthu 10 opulumuka atayesa kudzipha, pafupifupi 9 sadzafa modzipha.

Kwa bambo wathu uja, kulemba kuti “mankhwala asungidwe bwino” sikukwanira. Palembedwe kuti mchimwene wake akachotsa mankhwala onse kudimba ndi m'nyumba lero, bamboyu asanafike, akawatsekera kwawo, ndipo tsiku lopopera azibwera nawo yekha n'kubwerera nawo. Mapiritsi amene wapatsidwa kuchipatala azisunga mchemwali wake n'kumamupatsa a masiku ochepa. Zimenezi zimatheka pokhapokha mwiniwake atavomera, atamva kuti si chilango ndipo si zamuyaya. Akangolandidwa zinthu mokakamiza ngati mwana, amabisa zina.

Mu 2018 Stanley, Brown ndi anzawo anafalitsa zotsatira za odwala 1,640 amene anafika m'zipatala za asilikali opuma ali ndi vuto lofuna kudzipha. Mwa amene analemba pepalali n'kumaimbiridwanso foni atatuluka, pafupifupi 3 pa 100 alionse anayesanso kapena kuyandikira kutero m'miyezi 6, pamene mwa amene anathandizidwa mwa masiku onse anali oposa 5 pa 100. Ambiri mwa iwo anabwereranso kukaonana ndi achipatala. Tiyenera kunena chilungamo kuti odwalawo ambiri anali amuna a ku America, ndipo chimene chinayesedwa si pepala lokha ayi, koma pepala pamodzi ndi mafoni aja, yoyamba mkati mwa maola 72. Chipatala chimene chingangogawa mafomu osalondola odwala ake chisayembekezere zotsatira zomwezo.

Pepalali silichiza matenda okhumudwa, silithetsa uchidakwa, ndipo silibweza ngongole. Zonsezo zimafuna thandizo lakelake. Silikwaniranso kwa munthu amene akunenetsa kuti akatuluka akachita, kapena amene mutu wasokonekera moti akumva mawu omulamula. Ameneyo sayenera kutulutsidwa. Ndipo ngati ganizo lafika mwamphamvu, munthu asavutike kutsatira magawo mwandondomeko, alumphe n'kuthamangira kuchipatala.

Wosadziwa kuwerenga angajambulitse mawu ake pafoni, kapena kuika zithunzi m'malo mwa mawu, womuthandiza uja n'kusunga pepala lina lofanana. Funso lomaliza la namwino ndi la kumene pepalalo lizikhala, ndipo ambiri amasankha m'chikwama cha ndalama kapena kulijambula pafoni. M'buku la kuchipatala mungakhale bwino, koma bukulo limagwiridwa ndi anthu ambiri, choncho asankhe mwiniwake. Pa tsiku lobwerera kuchipatala abwere nalo, aone limodzi mzere umene unagwira ntchito ndi umene unakanika, dzina la amene sanayankhe foni lichotsedwe, palembedwe lina.